Nthambi Zitatu za Boma: Kuphunzitsa Potsata Ulendo wa Lamulo Limodzi

Mutu wa nthambi zitatu za boma ndi umodzi mwa mitu imene ana amaloweza msanga koma osaumvetsa. Mukawafunsa, onse amayankha pamodzi ngati nyimbo: nthambi yopanga malamulo, nthambi yoyendetsa boma, ndi nthambi yotanthauzira malamulo. Koma mukafunsa kuti, "Aphungu avomereza bilu Lachinayi, kodi wapolisi angamange munthu Lachisanu chifukwa chophwanya zimene zili m'biluyo?" kalasi lonse limangoti zii, ndipo owerengeka amene amakweza manja amayankha kuti inde. Yankho loona ndi lakuti ayi. Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, nkhani yanga kwa inu ndi iyi: mayina a nthambi zitatuzi paokha saphunzitsa mwana kanthu. Kugawana kwa mphamvu kumaoneka bwino pa malo pamene nthambi imodzi ipereka ntchito m'manja mwa inzake, ndi pamene inzakeyo ingathe kukana. Tsono njira yoonetsera malo amenewa ndiyo kutenga lamulo limodzi lenileni ndi kulitsata kuyambira pamene linabadwira kufikira pamene linayamba kugwira ntchito.

Choyamba tiyenera kudziwa chifukwa chimene mutuwu umavutira. Pa zaka zimene ndaphunzitsa kuno ku Mishoni ya Mulanje ndaona kuti ana ambiri sanaonepo mphamvu zogawidwa m'moyo wawo. Kunyumba, kholo ndilo limaika lamulo, ndilo limaona ngati lamulolo lasungidwa, ndiponso ndilo limapereka chilango. Kumudzi, mfumu pamodzi ndi nduna zake imalengeza zoyenera kuchita, ndipo yomweyo ndiyo imakhala pa bwalo kuweruza wolakwa. Kusukulunso mphunzitsi wamkulu amaoneka ngati amachita zonse. Motero mwana akamva mawu akuti boma, amaona munthu mmodzi wamkulu amene amalankhula ndipo zinthu zimachitika. Sikuti mwanayo ndi wogona ayi. Akungoyerekeza ndi zimene amadziwa.

Aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito fanizo la mafuwa atatu. Ndi fanizo labwino pa mfundo imodzi, yakuti fuwa limodzi likachoka mphika umagwa. Koma lili ndi malire ake, pakuti mafuwa sayang'anirana ndipo sakanizana kanthu. Ine ndimakonda kuyamba ndi chimene ana a kuno amaona m'minda ya tiyi. Wothyola tiyi sayeza yekha dengu lake pa sikelo, ndipo woyeza pa sikelo si amene amawerenga ndalama pa tsiku la malipiro. Ndikafunsa kuti, "Nanga munthu mmodzi atamachita zonse zitatu, chingachitike n'chiyani?" ngakhale mwana wamanyazi amayankha kuti munthuyo angabe popanda womuona. Pamenepo ndiye kuti mwanayo wagwira tsinde la phunziro lonse.

Pambuyo pa fanizoli ndimalemba pa bolodi ndime zinayi za Malamulo Aakulu oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994. Ndime 7 imapatsa nthambi yoyendetsa boma ntchito yoyambitsa mfundo ndi malamulo, ndi yoonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. Ndime 8 imapatsa aphungu ntchito yokhazikitsa malamulo. Ndime 9 imapatsa makhoti ntchito yotanthauzira ndi kuteteza malamulo mosakondera. Ndime 5 ili pamwamba pa zonsezi: imanena kuti lamulo lililonse kapena mchitidwe uliwonse wa boma wotsutsana ndi Malamulo Aakulu ulibe mphamvu pa mbali imene ukutsutsanayo. Ndime zinayizi n'zokwanira pa tsiku loyamba. Kuonjezapo zina n'kulemetsa ana.

Lamulo limene ndimasankha kulitsata ndi la zaka zoyenera kukwatira kapena kukwatiwa. Ndimalisankha chifukwa limakhudza ana enieniwo amene ali patsogolo panga, ndiponso chifukwa linayenda ulendo kawiri, m'chaka cha 2015 ndi cha 2017, kotero kuti limaonetsa kusiyana kwa lamulo wamba ndi Malamulo Aakulu.

Ulendo wake unayamba kale. M'chaka cha 2006 bungwe la boma lounikanso malamulo linatulutsa lipoti lake pa malamulo a ukwati ndi kutha kwa ukwati. Kuchokera pa lipotilo kufikira pamene aphungu anavomereza bilu panapita zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Pano pali mfundo yoyamba yoti ana aione: mabilu ambiri sabadwira m'Nyumba ya Malamulo. Amabadwira ku unduna, amalembedwa m'chilankhulo cha malamulo ndi akatswiri a ku Unduna wa Zachilungamo, ndipo amavomerezedwa ndi nduna zonse pamodzi asanapite kwa aphungu. Nthambi yoyendetsa boma ikazengereza, bilu imagona. Phungu payekha ali ndi ufulu wobweretsa bilu yake, koma mabilu otere ndi ochepa, ndipo bilu yokhudza misonkho kapena kutapa ndalama m'thumba la boma singayende popanda chilolezo cha nduna ya zachuma.

Bilu isanakambidwe imasindikizidwa mu Gazeti ya Boma kuti aphungu ndi anthu onse aione. Malamulo a Nyumbayo amapereka masiku 28 a chidziwitso, ngakhale kuti aphungu angathe kugwirizana kufupikitsa nthawiyi. Tsono bilu imalowa m'Nyumba ndi kudutsa makwerero asanu. Pa kuwerenga koyamba bilu imangoperekedwa ndipo mutu wake umatchulidwa, palibe mtsutso. Pa kuwerenga kwachiwiri nduna imafotokoza cholinga cha bilu, ndipo aphungu amakambirana ngati cholingacho n'chabwino kapena ayi. Kenaka Nyumba yonse imasanduka komiti ndi kuunika bilu ndime ndi ndime, kusintha mawu, kuchotsa kapena kuonjeza. Komitiyo ikamaliza imapereka lipoti ku Nyumba. Pomaliza pamabwera kuwerenga kwachitatu, pamene aphungu amavomereza kapena kukana bilu monga momwe yakhalira. Nthawi zina Nyumba imayamba yatumiza bilu ku komiti yaing'ono ya aphungu kuti ikaiunike ndi kumva maganizo a anthu.

Mawu akuti "kuwerenga" amasokoneza ana. Amaganiza kuti munthu amaimirira ndi kuwerenga bilu yonse mokweza katatu, monga momwe timawerengera nkhani m'kalasi. Auzeni poyera kuti ndi dzina chabe la khwerero, ndipo khwerero lililonse lili ndi funso lake. Loyamba limafunsa kuti, "Kodi mwaiona?" Lachiwiri limafunsa kuti, "Kodi cholinga chake mukuchifuna?" Komiti imafunsa kuti, "Kodi mawu ake ali bwino?" Lachitatu limafunsa kuti, "Kodi ipite?" Mwana amene wagwira mafunso anayiwa sasokonezanso ndondomeko yake, chifukwa n'zoonekeratu kuti munthu sakonza mawu a chinthu chimene sanavomereze cholinga chake.

Bilu ya ukwati, kutha kwa ukwati ndi za m'banja inavomerezedwa ndi aphungu m'mwezi wa Febuluwale 2015, ndipo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Pa nthawiyo nduna yoona za amayi ndi ana anali Mayi Patricia Kaliati, amenenso anali phungu wa dera la kumadzulo kwa Mulanje. Ndimatchula zimenezi dala, pakuti zimadzutsa funso labwino. Nthawi zambiri pamapezeka mwana amene amakweza dzanja ndi kunena kuti, "Aphunzitsi, mwati nthambizi n'zosiyana; nanga zitheka bwanji munthu mmodzi kukhala nduna ndi phungu pa nthawi imodzi?" Musalizembe funsoli. M'Malaŵi kugawana kwa mphamvu sikuli ngati mpanda wopanda khomo. Pulezidenti angathe kusankha nduna pakati pa aphungu kapena kunja kwa Nyumba. Ndiponso ndime 49 imanena kuti Palamenti ndi aphungu pamodzi ndi Pulezidenti monga mtsogoleri wa dziko, ngakhale kuti iye si phungu ndipo savota m'Nyumba. Pamene pali mpanda weniweni ndi pa makhoti: woweruza sangakhale nduna kapena phungu akadali pa mpando wake.

Aphungu akavomereza, bilu imapita kwa Pulezidenti. Ndime 73 imamupatsa masiku 21 kuti asayine kapena akane. Akakana, amaibweza kwa Sipikala pamodzi ndi zifukwa zake. Aphungu saloledwa kuikambanso kufikira patapita masiku ena 21, ndipo nthawi imeneyi ndi yoti mitima izizire ndi zifukwazo zilingaliridwe. Akaivomerezanso mkati mwa miyezi itatu yotsatira, Sipikala amaiperekanso, ndipo ulendo uno Pulezidenti ayenera kusayina pasanathe masiku 21. Apa ndi pamene ana amadabwa kwambiri: Pulezidenti angathe kuchedwetsa bilu, koma sangathe kuipha ngati aphungu aumirira. Mphamvu yokanayi si ya m'buku mokha. M'mwezi wa Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika anakana kusayina mabilu a zisankho amene aphungu anavomereza m'mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho. Koma bilu ya ukwati ija anaisayina m'mwezi wa Epulo 2015.

Ngakhale siginecha si mapeto a ulendo. Ndime 74 imanena kuti lamulo siligwira ntchito kufikira litasindikizidwa mu Gazeti, ndipo malamulo ambiri amanena okha kuti adzayamba kugwira ntchito pa tsiku limene nduna idzalengeze. N'chifukwa chake wapolisi sangamange munthu Lachisanu pa bilu imene yavomerezedwa Lachinayi.

Tsono tafika pa mtima wa nkhaniyi. Lamulo la 2015 linati zaka 18. Koma ndime 22 ya Malamulo Aakulu pa nthawiyo inkalola munthu wa zaka za pakati pa 15 ndi 18 kulowa m'banja ngati makolo kapena omulera avomereza. Ndimalemba ziganizo ziwirizi moyandikana pa bolodi ndi kufunsa kuti, "Mtsikana wa zaka 16 makolo ake avomera kuti akwatiwe m'chaka cha 2016, ndi lamulo liti limene likanapambana m'khoti?" Ambiri amayankha kuti latsopano, poganiza kuti chatsopano chimafafaniza chakale. Pamenepo ndimawalozera ku ndime 5 imene inalembedwa pa tsiku loyamba. Lamulo wamba, ngakhale likhale la dzulo, silingagonjetse Malamulo Aakulu. N'chifukwa chake anthu ambiri odziwa malamulo ananena kuti ntchito inali isanathe, ndipo panafunika ulendo wachiwiri.

Pa 14 Febuluwale 2017 aphungu anasintha Malamulo Aakulu ndi kuchotsa mpata wa chilolezo cha makolo uja. Aphungu 131 anavomereza ndipo awiri anakana. Pulezidenti anasayina m'mwezi wa Epulo chaka chomwecho. Manambalawa ndi ofunika. Bilu wamba imadutsa ngati ambiri mwa aphungu amene alipo ndi kuvota aivomereza. Koma kusintha Malamulo Aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, alipo kapena palibe, ndipo pali ndime zina zimene tanthauzo lake silingasinthidwe popanda kufunsa anthu onse pa referendamu. M'chaka cha 2017 Nyumba inali ndi mipando 193. Apatseni ana masamu amenewa: magawo awiri mwa atatu a 193 ndi 128 ndi kachidutswa, kotero kuti pa Nyumba yodzaza pafunika 129. Akaona kuti 131 yangopitirira pang'ono, amazindikira kuti phungu wojomba pa tsiku lotere ali ngati wavota kuti ayi. Kuyambira pa chisankho cha 2025 mipando ilipo 229. Auzeni awerengere okha, ndipo adzapeza 153.

Nanga makhoti ali pati pa ulendo umenewu? Apa pafunika kusamala. Khoti silikhala m'Nyumba ya Malamulo, ndipo siliyendayenda kufunafuna malamulo olakwika. Limadikira kuti munthu abwere ndi dandaulo. Pofuna kuonetsa mphamvu yake ndimatchula mwachidule mlandu wa vakabu, umene ana ambiri anamvapo dzina lake. M'chaka cha 2015 bambo wina wogulitsa majumbo anamangidwa m'mamawa akupita ku malonda ake ku Limbe. Iye anakadandaula kuti ndime ya lamulo imene anamumangira ikuphwanya ufulu wake. M'mwezi wa Januwale 2017 oweruza atatu a Khoti Lalikulu anagamula kuti ndimeyo ikutsutsana ndi Malamulo Aakulu ndipo ilibe mphamvu. Taonani: lamulolo linali m'mabuku kwa zaka zambiri, apolisi ankaligwiritsa ntchito, koma munthu wamba mmodzi anachititsa kuti khoti lilithetse. Komabe khotilo silinalembe lamulo latsopano m'malo mwake, pakuti imeneyo ndi ntchito ya aphungu.

Zonsezi zimakhazikika m'mitu ya ana akazichita okha. Ndimagwiritsa ntchito mapiriyodi atatu. Pa loyamba timakamba za sikelo ya tiyi ndi ndime zinayi zija. Pa lachiwiri timatsata lamulo la ukwati. Pa lachitatu kalasi limasanduka dziko. M'kalasi la ana 60 ndimasankha Pulezidenti mmodzi, oweruza atatu, mlembi mmodzi, anthu a kumudzi khumi, ndi aphungu 45, pakati pawo Sipikala ndi nduna ziwiri. Malo okhala ndi ofunika kwambiri: Pulezidenti amakhala panja pa khonde, ndipo oweruza amakhala pa ngodya yakumbuyo osaloledwa kulankhula kufikira wina atabwera kudzadandaula. Pamwamba pa bolodi ndimalemba lamulo lalikulu la kalasi, lakuti ana onse, anyamata ndi atsikana, agawane ntchito mofanana. Kenaka nduna imabweretsa bilu ya ndime zitatu yokhudza kusesa, ndipo ndime yachitatu imanena kuti atsikana okha ndiwo azitunga madzi okolopera.

Bilu imadutsa makwerero onse. Pepala lenilenilo liyenera kuyenda kuchoka m'manja kupita m'manja: kwa nduna, kwa mlembi, kwa Sipikala, panja kwa Pulezidenti, ndipo pomaliza limamatidwa pa chitseko, chimene timachitcha Gazeti. Ndimauza Pulezidenti mseri kuti akane ulendo woyamba ndi kulemba chifukwa chimodzi, kuti ana aone kubwerera kwa bilu. Aphungu akachotsa okha ndime yachitatu ija pa nthawi ya komiti, ayamikireni, ndipo afunseni chimene chikanachitika akanaisiya. Akaisiya, mmodzi wa anthu a kumudzi amapita kwa oweruza. Oweruzawo safunsidwa ngati lamulolo akulikonda, koma ngati likugwirizana ndi zimene zalembedwa pamwamba pa bolodi. Pomaliza ndimalola aphungu kuyesa kusintha lamulo lalikululo. Ovota akakhala 40, bilu wamba imadutsa ndi 21, koma kusinthaku kumafuna 30 mwa 45. Kawirikawiri amalephera, ndipo kulepherako kumaphunzitsa koposa zolemba za pa bolodi.

Pali zinthu zitatu zimene zimaononga sewero limeneli. Choyamba ndi mphunzitsi amene amalowerera ndi kugamula yekha phokoso likakula. Akatero ndiye kuti waonetsa ana kuti pamwamba pa nthambi zonse pali munthu mmodzi, chimene ndi chosemphana ndi phunziro. Bata alisungitse ndi Sipikala. Chachiwiri ndi mayina a zipani zenizeni. Ana amabwera ndi maganizo a makolo awo, ndipo mukangotchula chipani mtsutso umasanduka mkangano. Nenani chabe kuti mbali ya boma ndi mbali yotsutsa, ndipo potchula zochitika zenizeni perekani chaka ndi chimene chinachitika popanda kuonetsa kumene mtima wanu uli. Chachitatu chikukhudza lamulo la ukwati lenilenilo. M'kalasi mungakhale mwana amene mchemwali wake anakwatiwa ali wamng'ono, kapena amene akukakamizidwa kunyumba. Musalole kuti ana atchulane mayina kapena kulozana zala, ndipo mwana akabwera kwa inu payekha pambuyo pa phunziro, mumvereni ndi kutengera nkhaniyo kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa oona za chisamaliro cha ana.

Pofuna kudziwa ngati ana amvetsa, musawafunse kuti atchule nthambi zitatu, pakuti zimenezo amatha ngakhale asanamvetse. Apatseni nkhani zazifupi zoti agamule. Pulezidenti wakana bilu, aphungu aivomerezanso patapita mwezi umodzi, chitsatire n'chiyani? Mwana akati bilu yafa, ndiye kuti akuonabe Pulezidenti ngati mwini malamulo. Aphungu onse avomereza lamulo loletsa anthu a mtundu wina kupita ku sukulu, ndipo Pulezidenti wasayina. Kodi pali amene angaliletse? Akati palibe, ndiye kuti ndime 5 sinalowe. Wapolisi wagwira wakuba. Kodi wapolisiyo ali m'nthambi iti? Ambiri amati ya makhoti, chifukwa amamuona ku khoti, pamene iye ali m'nthambi yoyendetsa boma: amagwira, koma sagamula. Yankho lolakwa lililonse likukuuzani malo enieni amene muyenera kubwererapo.

Mwina mudzakumana ndi mwana wochenjera amene adzati njira yonseyi ndi yaitali ndi yotaya nthawi, pakuti lamulo loteteza atsikana linatenga zaka zoposa khumi kuchokera pa lipoti la 2006 kufikira pa kusintha kwa 2017. Musamutsutse msanga, chifukwa akunena zoona: kuchedwako kunapweteka ana ambiri. Koma mufunseni ngati angakonde njira yachidule imene ingadutsitse lamulo loipa mofulumira monga labwino. Agogo ake angamuuze za zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966 kufikira pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene mawu a munthu mmodzi ankakhala ngati lamulo. Funso limenelo mulisiye lotsegula, ndipo likhale mutu wa chimangirizo chimene ana akalembe kunyumba.